Munda uyambe wadikira, yezetsani kaye abale ake

"Mwana wanga wazaka 7 ali ndi siko selo, ndipo chaka chino wagonekedwa kale kanayi kuno ku Salima. Ndamva kuti kunja akumachiza posintha mafuta a m'mafupa, ena akuti kwabwera njira yokonza chibadwa. N'zoona? Tigulitse munda?"

N'zoona mayi, ena amachiriratu. Koma mawu akuti munda andibaya, chifukwa ife kwathu ku Nkhotakota linali boti ndi injini yake. Mwana wa mlongo wanga ankati mwera ukangoyamba mu Juni, iye basi, kulira usiku wonse atagwira miyendo, maso achikasu. Monga malume ndinaitanitsa banja, tinagwirizana zogulitsa, wogula anapezekanso. Dokotala titamuuza zimenezi, za ndalama sanafunse n'komwe. Anangoti, "Ali ndi abale angati a mayi mmodzi, bambo mmodzi?"

Nkhani yake ndi iyi. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndiye ukachotsa mafuta a wodwala n'kuikamo a munthu wina, thupi limayamba kupanga magazi a woperekayo. Koma maselo a awiriwa ayenera kugwirizana pa kuyeza kotchedwa HLA, komwe n'kosiyana ndi gulu la magazi lija la A kapena O. M'bale aliyense wa mayi mmodzi, bambo mmodzi ali ndi mwayi umodzi pa inayi wogwirizana naye. Amene anangotengera siko selo kwa kholo limodzi ndipo sadwala, wa AS, akhoza kupereka, koma wodwala mnzake ayi. Kwathu abale analipo atatu. Wamkulu ndi wa bambo wina, ndiye anatsala awiri, ndipo onse sanagwirizane naye. Boti likadalipo mpaka lero.

N'chifukwa chake zimandinyansa ndikaona anthu akusonkhetsa ndalama pa WhatsApp, chithunzi cha mwana ali pa diripi, ati "tikamuchititse opaleshoni ku India", asanayezetse m'bale ndi mmodzi yemwe. Komanso si opaleshoni yong'amba. Maselo atsopano amalowa pamtsempha ngati magazi wamba. Choopsa chili poyambirira: mwana amapatsidwa mankhwala amphamvu a khansa, monga busulufani, opha mafuta ake akale. Tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo kwa masabata angapo amakhala wopanda chitetezo m'chipinda chayekha. Pambuyo pake maselo a m'bale uja akhoza kuukira thupi la mwana, zomwe zimaoneka ndi zidzolo, kutsegula m'mimba kosatha kapena chikasu. Mwa ana opatsidwa ndi m'bale wogwirizana, oposa 90 pa 100 amachira, makamaka akakhala aang'ono. Ena thupi limakana maselowo, ndipo ena amamwalira ndi chithandizo chomwecho. Kholo likhoza kupereka ngakhale limagwirizana naye theka lokha, koma chiopsezo chimakwera.

Palinso chimene ife Amalawi sitifuna kuchitchula pamaso pa ana. Busulufani nthawi zambiri amapha mphamvu yobereka. Mlongo wanga atamva zimenezi anakhala chete mpaka tinakwera basi. Ine ndimati kholo limene lasankha kusapita pa chifukwa chimenechi, munthu asaliloze chala.

Nanga za chibadwazo?

Apa wopereka safunika. Amatenga maselo a wodwala yemweyo, kukawakonza ku labotale, n'kumubwezera. Mankhwala otchedwa Casgevy amadzutsanso mtundu wa magazi umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, umene maselo ake sapindika ngati a siko selo. N'chifukwa chake khanda la siko selo limaoneka bwinobwino miyezi yoyambirira. Pa kafukufuku, odwala 29 mwa 31 anatha chaka chathunthu osagwidwa ululu woopsa uja. Dziko la Britain linawavomereza mu Novembala 2023, America mu Disembala, kuyambira azaka 12. Mtengo wake ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Anzake a Lyfgenia ndi madola 3.1 miliyoni, ndipo ali ndi chenjezo la khansa ya m'magazi. Minda ya mudzi wanu wonse singafikepo, ndipo busulufani uja amaperekedwabe.

Njira zonse ziwiri sizibweza zimene zinawonongeka kale, kaya ndi sitiroko kapena fupa la m'chiuno lomwe linafa. Wochirayo akadzabereka, ana ake akhozabe kutengera.

Ndiye mayi, pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa ana ku Kamuzu Central, mukafunse ngati mwana wanu ali woyenera, komanso komwe magazi a abale ake angatumizidwe kukayezedwa HLA. Wina akagwirizana naye, musangoganiza za India: chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma, Tanzania, chinayamba kuchita izi kwa ana a siko selo mu 2023. Mukafunsenso za haidurokisiyuriya, mankhwala akumwa tsiku lililonse omwe amachepetsa ululu ndi kuthiridwa magazi pafupipafupi. Mwana wogonekedwa kanayi pachaka ayenera kuganiziridwa pa amenewa. Neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha, kuchipatala tsiku lomwelo.