ΔH ndi ΔS zonse zili positive, ndiye bwanji?

"Akuluakulu, ΔH ndi ΔS zonse zikakhala positive, riyakishoni imachitika yokha kapena ayi? Zandizunguza mutu."

Achimwene, apa nkhani ndi tempericha basi. Gwirani ΔG = ΔH − TΔS, pomwe ΔH ndi kutentha kolowa kapena kotuluka, ΔS ndi kusintha kwa entropy, kubalalika kwa zinthu, T ndi tempericha mu kelvin, K mwachidule, ndipo ΔG ndi kusintha kwa Gibbs free energy. ΔG ikatsika pansi pa ziro ndiye kuti zitheka zokha. Taonani ayisi amene timaika pa chambo kuno ku Senga Bay, kusungunuka kwake ΔH ndi +6010 J/mol, ΔS ndi +22 J/mol·K, mukagawa ΔH ndi ΔS mupeza 273 K, malire ake ndi pamenepo. Masana pa 303 K, TΔS ndi 6666, ΔG ndi −656, ayisi uja wayamba kale kuchucha mu beseni, koma mu firiza pa 255 K ΔG ikubwera +400, sasungunuka ata pang'ono. Chimene chimagwetsa ambiri, ineyo chinandigwetsaponso, nkuika 30 wa Celsius m'malo mwa 303, kapena kusakaniza kJ ndi J. Zonse zikakhala negative zimatembenuka, kuzizira ndiye kumathandiza.