Mutu wa Molly Bloom wandigonjetsa, ndithandizeni

"Abale, ndafika pamutu womaliza wa Ulysses. Palibe mpumiro, palibe mpatuliro, nkhani sikuyenda. Ndikawerenga tsamba limodzi ndimaiwala za pamwamba. Kodi mutu wanga ndiye wouma, kapena pali kawerengedwe kake?"

Achimwene, mutu wanu ulibe vuto, ndipo aliyense wokuuzani kuti mutu umenewo anangoudutsa ngati akumwa madzi akukunamizani. Ndikulemba mtima ukugunda chifukwa buku lomweli, lolembedwa ndi James Joyce, linandichititsa manyazi pamaso pa anthu kuno ku Lusaka, moti mpaka lero ndikadutsa ku Kabulonga ndimakumbukira.

Tinali ndi kagulu kowerenga mabuku, tinkakumana Loweruka masana kunyumba kwa bambo wina amene ankatitsogolera. Sindiwatchula dzina. Iwo anandipatsa ine mutu wa Molly, womaliza uja, umene ndi maganizo a mayi Molly Bloom atagona pabedi usiku, kuti ndikafotokozere anzanga. Mutuwo uli ndi mawu opitirira 20,000, ogawidwa m'ndime zazitali 8 zokha, ndipo m'kope langa mpumiro ulipo pawiri basi, kumapeto kwa ndime yachinayi ndi kumapeto kwa buku. Ndinkawerenga usiku ku Chilenje magetsi atazima, tochi ya foni ndili nayo kumanja, pensulo kumanzere. Paliponse pomwe ganizo la Molly latha ndinkaikapo kamzere. Paliponse pomwe wanena kuti iye, ndinkalemba m'mphepete dzina la mwamuna amene akumuganizira. Ntchito imeneyo inandidyera tulo, koma ndinamvetsa.

Tsiku lake, ndisanayambe n'kulankhula komwe, bambo aja anatenga buku langa patebulo, n'kulitsegula, n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Masamba anali akuda ndi pensulo. Anati, "Taonani, mayi awa abwezeramo zonse zimene wolemba anachotsa. Akuchonga Joyce ngati mwana wa giredi 7." Anthu anaseka. Mtsikana wina amene ndinkakwera naye minibasi anayang'ana pansi. Kenako anandibwezera bukulo n'kunena kuti ndiwerenge mokweza tsamba lomaliza popanda kupuma paliponse pamene ndinaika kamzere. Ndinayamba. Mpweya unandithera pakati, mawu anayamba kunjenjemera, lilime linagwa pa mayina a ku Gibraltar, kumene Molly anakulira, iwo ali chilili, manja kumbuyo, akungogwedeza mutu. Tiyi wanga anazizira m'kapu osamukhudza. Ndinakhala mpaka mapeto chifukwa ndinkaopa kuti ndikanyamuka ndilira pakhomo.

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti munthu wina atawafunsa kuti kodi amene akupsompsona Molly patsamba lomalizalo ndi ndani, iwo anati funso limenelo n'lachibwana, buku lotere silifuna mafunso otero. Ayi ndithu. Yankho lilipo, ndipo linali m'mphepete mwa buku langa lomwe ankaliseka. Anthu otere amakonda mabuku ovuta chifukwa amawapatsa chokwapulira anzawo. Pagulu lija panali ana asukulu awiri amene sanabwerenso, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero amaganiza kuti mabuku amenewa si awo.

Tsono mverani. Chimene chikukusokonezani kwambiri si kusowa kwa mpumiro. Ziganizo za Molly n'zazifupi ndiponso zosavuta, zangolumikizana. Chovuta ndi amuna. Munthu akamaganiza yekha satchula mayina, chifukwa akudziwa kale amene akumunena. Molly amangoti iye, iye, pamene amuna ake m'mutumo ndi angapo: mwamuna wake Leopold Bloom, amene wagona pabedi lomwelo mutu uli kumiyendo, Boylan, chibwenzi chimene chinabwera masana a tsiku lomwelo, pa 16 Juni 1904, Mulvey, amene anamupsompsona koyamba ali mtsikana ku Gibraltar, ndi Stephen, mnyamata amene Bloom wabwera naye kunyumba usiku. Mukasokoneza amenewa, tsamba lonse limasanduka phala.

Njira yowasiyanitsira ndi malo. Tengani tsamba lomaliza lija. Molly akuyamba ndi phiri la Howth, pafupi ndi Dublin, zaka 16 zapitazo, atagona pakati pa maluwa, iye n'kumupatsa mwamunayo kachidutswa ka keke kuchokera mkamwa mwake. Ameneyo ndi Bloom, tsiku limene anamufunsira ukwati. Asanayankhe, maganizo ake akuwoloka nyanja: amalinyero, msika, abulu, atsikana achisipanishi, timisewu ting'onoting'ono. Mukangoona zimenezo dziwani kuti muli ku Gibraltar, ndiye amene akumupsompsona pansi pa khoma lakale lija ndi Mulvey. Mawu ochepa okha kutsogolo, popanda chizindikiro chilichonse, Molly akumupempha ndi maso kuti afunsenso, ndipo wabwerera ku Howth, kwa Bloom. Amuna awiri alowa m'liwu limodzi. Joyce anachita dala, chifukwa m'mtima mwa Molly nthawi ziwirizo zaphatikana. Koma simungamve kukoma kwa kuphatikanako ngati simunadziwe kaye kuti analipo awiri.

Chinanso chokugwirani dzanja ndi chipinda. Nkhani imaoneka ngati sikuyenda chifukwa mayiyu ali pabedi, koma zinthu zing'onozing'ono zikuchitika. Sitima ikulira patali, ndipo kulirako kukumukumbutsa nyimbo imene adzaimbe. Akuzindikira kuti wayamba msambo, akudzuka. Mabelu a tchalitchi akulira. Zimenezi ndi za panopa, zina zonse ndi kukumbukira kapena kulakalaka. Mukafika pamapeto a tsamba dzifunseni kuti tili pabedi, ku Gibraltar, kapena ku Dublin wa kale. Mukalephera kuyankha mwasochera, bwererani mpaka pomwe panatchulidwa malo komaliza, kawirikawiri si patali. Koma kuiwala dzina la mayi woyandikana naye nyumba kapena mtengo wa chovala si kusochera, pitirirani.

Ndipo musayembekezere kuti chachikulu chidzabwera ndi ng'oma. Mwana wa Molly ndi Bloom, Rudy, anamwalira ali ndi masiku 11, ndipo Molly akumukumbukira m'mizere yochepa chabe, kajuzi kaubweya kamene analuka akulira n'kumuika nako m'manda, kenako akudziletsa yekha kuti asaganizenso zimenezo. Banja lonse linasweka pamenepo. Wothamanga amapadumpha osadziwa. Ine ndinapapeza chifukwa cha pensulo yomweyo, ndipo ndinatseka buku kwa kanthawi.

Komabe ndikuuzeni ichi, ngakhale chikundivuta kunena. Musayambe ndi pensulo. Ndime iliyonse iwerengeni kaye mokweza, pakamwa, muli nokha m'chipinda, osaima kufufuza kanthu. Khutu limapeza lokha popumira, chifukwa mawuwa analembedwa motsata mmene munthu amalankhulira, ndipo mukayamba n'kudula timizere mumapha kayendedwe kake. Pumani pamene chifuwa chafuna, osati pamene wina walamula. Ulendo wachiwiri ndiye mutenge pensulo, ndipo mulembe mayina okha m'mphepete, timizere tija musachulutse ngati ine. Ndime imodzi pausiku yakwana, zina n'zazitali moti mungazigawe pawiri pamene sitima yalira kapena pamene malo asintha. Ndipo ngati munalumpha mitu ya pakati kuti mufike msanga kwa Molly, bwererani kaye ku mutu wachinayi, pomwe Bloom akumukonzera chakudya cham'mawa n'kumupititsira kalata ya Boylan kuchipinda. Popanda umenewo simudziwa chifukwa chake mayiyu akudabwa, m'mawu ake oyamba enieni, kuti mwamuna wake wapempha kuti mawa amubweretsere mazira pabedi.