Ndayeza kasanu, bwanji andichotsera malikisi?

"Ndili chaka choyamba cha uinjiniya. Ku labu ndinayeza kachitsulo kasanu ndi veniya kalipa, n'kulemba avereji. Aphunzitsi andibwezera lipoti, ati palibe bajeti ya chikayiko. Ndiyambire pati?"

Mng'ono wanga, bajetiyo ndi mndandanda wa zonse zimene zingasokoneze muyeso wako, chilichonse ndi kukula kwake. Zilipo za mitundu iwiri: zosinthasintha, monga kafinyidwe ka dzanja lako, ndi zokhazikika, zimene zimakokera mbali imodzi nthawi zonse.

Tiyerekeze kuti unapeza 50.12, 50.16, 50.14, 50.10 ndi 50.18 mm. Avereji ndi 50.14. Pa kakyuleta, batani la s (ena amalemba σn−1) likupatsa 0.032, kusonyeza mmene manambalawo amwazikira. Gawa ndi √5, upeza 0.014 mm. Ndiwo mzere woyamba.

Tsopano tseka kalipayo popanda kanthu pakati. Ikuwerenga ziro? Apa m'pamene ambiri amagwera. Ngati ikuonetsa 0.04, ndiye kuti manambala asanu onse aja anenepa ndi 0.04, ndipo ungayeze mpaka dzuwa kulowa, avereji sidzakuululira. Cholakwika chodziwika chotere sichilowa m'bajeti, umachichotsa: utali ndi 50.10 mm. Cholowa m'bajeti ndi chikayiko chotsala, poti ziroyo wamuwerenganso ndi maso.

Kalipa ya timizere ta 0.02 mm ingakuphonyetse ndi theka lake, 0.01, uku kapena uku. Popeza choonadi chingakhale paliponse m'kampatako, gawa ndi √3: 0.006 mm. Ulembe kawiri, powerenga chitsulo ndi powerenga ziro. Kenaka pempha a ku labu setifiketi ya kalipayo (kwathu kuno ntchito yoyesa zipangizo zoyezera imagwiridwa ndi a Malawi Bureau of Standards). Ikati 0.02 mm pa k = 2, ndiye kuti chikayikocho anachichulukitsa kale ndi 2, choncho gawa ndi 2: 0.010 mm.

Osangowonkhetsa, chifukwa zolakwikazi sizikokera mbali imodzi zonse pamodzi. Chikayiko chonse, u, chimapezeka motere:

```
u = √(0.014² + 0.006² + 0.006² + 0.010²) = 0.019 mm
```

Chulukitsa ndi 2, ulembe 50.10 ± 0.04 mm, k = 2, kutanthauza kutsimikiza kwa pafupifupi 95 pa 100.

Za kutentha, utali umawerengedwa pa 20 °C, ndipo pa 30 °C kachitsuloka kamatalika ndi pafupifupi 0.006 mm. Koma kalipa nayo ndi yachitsulo, imatalika limodzi, choncho mzerewu ungolemba kuti n'ngochepa. Pa aluminiyamu sindingausiye.

Chimene ine ndimayang'ana pochonga n'chakuti wophunzira waona mzere waukulu. Pano ndi 0.014 uja. Ukayeza ka 20 atsika kufika 0.007, u n'kukhala 0.015. Kupitirira apo ukungotaya nthawi: u sangatsike pansi pa 0.013, pokhapokha utabwereka maikulomita.