Jenereta kapena sola? Ine ndinalawa zonse

"Achimwene, kwathu magetsi akazima timakhala maola 6 mumdima. Ndigule jenereta kapena sola ya inveta? Ndikungofuna filiji, kanema ndi mababu."

Mlongo wanga, mwandikumbutsa chilonda. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, ndinathamanga kukagula jenereta ya petulo ya 2.5 kVA. Sabata yoyamba ndinkayenda monyada ndithu. Yachiwiri, gogo wa kuseri kwa mpanda anandiimitsa pachipata: "Mwanangu, chigayo chakochi chimagona nthawi yanji?" Kulowetsa m'nyumba sikukanatheka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali mtulo. Choncho inkabangula pakhonde, yomanga ndi tcheni kuopa akuba.

Phokoso linali laling'ono poyerekeza ndi ludzu lake. Inkamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, ndipo ngakhale ndiyatse mababu okha sinkaleka kumwa. Maola 6 kwa masiku 20 ndi malita 120 pamwezi. Chulukitsani nokha ndi mtengo wa lero, muwonjezepo tsiku lomwe mudzapse ndi dzuwa pamzere wa mafuta. Oyilo ndinkasintha ikagwira maola 50, pulagi kupukuta. Nditaisiya miyezi iwiri ili ndi petulo, kabureta inatsekeka. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, iyo kungotsokomola kenako zii.

Koma a sola nawonso asakunamizeni kuti dzuwa ndi laulere. Laulere ndi dzuwalo, batire ayi. Yanga yoyamba inafa chaka chisanathe, ndipo ndinaipha ndine. Pali mlamu wanga wina amene ankasitira malaya pa inveta ine kulibe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Masamu a batire

Batire yamtovu ya 12V 200Ah imasunga mphamvu yoyendetsa mawati 2,400 kwa ola limodzi, koma mukamaitsitsa kupitirira theka imakalamba msanga. Anu enieni ndi 1,200. Filiji, kanema ndi mababu 5 zimakoka mawati pafupifupi 200, ndiye papepala ndi maola 6, koma inveta nayo imadyako, mutsala ndi 5. Simbi yositira ya mawati 1,000 imamaliza zonsezo mu ola limodzi. Mukaona inveta ikulira titi patangotha maola awiri pomwe kale inkafika usiku, dziwani batire yatopa. Yamtovu yosamalidwa imakhala zaka 2 kapena 3, ya lifiyamu imapirira nthawi yaitali kwambiri koma mtengo wake ngoluma.

Pa katundu wanuyo gulani sola: inveta ya 1 kVA, mapanelo a mawati 400, ndipo ngati thumba likulola, mabatire awiri, chifukwa chiperoni chikakuta masiku atatu imodzi siikwanira. Muzitsuka fumbi pamapanelo m'chilimwe. Jenereta isiyireni wowotcherera zitsulo. Yanga ndinagulitsa kwa mnyamata wina wa makina ometera, gogo uja anayambiranso kundipatsa moni.