Bambo anamwalira osasiya mwana wamwamuna: munda ndi dimba zikhala za yani?

"Ndikulemba kuchokera kufupi ndi Ngabu. Bambo athu anamwalira osalemba wilo. Tilipo ana anayi, tonse aakazi, ndipo mayi athu anachita kulowoledwa. Pali munda wa kumtunda umene amfumu anapatsa bambo atangokwatira, ndi dimba limene linali gawo lawo pa dimba la agogo. Bambo aang'ono akuti zonsezi ndi za kuchimuna, ife tikakwatiwa tidzapita nazo kwa eni, ndipo kalembera wa malo akabwera alembetsa dzina lawo. Kodi tilibedi mbali?"

Achemwali, pepani ndi zovutazo. Mbali muli nayo, inu ndi mayi anu, ndipo si yochita kupempha. Koma malo awiriwa mphamvu zanu si zofanana, choncho tiwaone paokhapaokha.

Lamulo loona za chuma cha masiye la 2011 linatseka khomo limene bambo aang'onowo akufuna kulowera. Gawo 4 la lamuloli likuti palibe amene angatenge chuma cha womwalira potengera mwambo. Gawo 17 likuti munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iye pa moyo wawo. Mchimwene wa malemu amene ali ndi banja lake ndi minda yake salowa m'gulu limeneli. Ndipo lamulo likamati "ana" silifunsa ngati ndi aamuna kapena aakazi, okwatiwa kapena ayi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 24, amanenanso kuti mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi chuma, kaya ali pabanja kaya sali pabanja, ndipo amatchula kulanda akazi chuma cha masiye ngati mwambo woyenera kuthetsedwa. Ng'ombe za malowolo sizisintha zimenezi.

Tsono mkangano weniweni sudzakhala pamenepo. Munthu wochenjera akafika pabwalo sadzanena kuti mwana wamkazi salandira munda, chifukwa akudziwa kuti mawu amenewo atha mphamvu. Adzati: malowa sanali a malemu, ndi a banja lonse, iwo ankangolimapo. Lamulo la 2011 limagawa zimene zinali za womwalirayo, ndiye akangokhutiritsa bwalo kuti malowo sanali a bambo anu, palibe chogawa. Ntchito yanu yonse ndi yoonetsa mmene malo aliwonse anafikira m'manja mwa bambo anu.

Munda wa kumtundawo ndi wosavuta. Amfumu anaupereka kwa bambo anu, osati kwa agogo, ndipo amene anagwetsa tchire ndi kuzula zitsa ndi bambo ndi mayi anu. Pezani amfumu amene anaupereka, kapena nduna imene inaloza malire ngati eniwo anatsogola, ndiponso anthu olima moyandikana nanu mbali zonse. Ngati bambo ankalima thonje pamenepo, funani timapepala togulitsira thonje kapena kaundula wa kalabu ya alimi wokhala ndi dzina lawo. Pepala lililonse, ngakhale lothimbirira, ndi umboni.

Dimba ndiye pali ntchito. Funso ndi lakuti, kodi agogo anagawa dimbalo ali moyo, mwana aliyense n'kuloza pake? Ngati bambo aang'ono ali ndi gawo lawo, ndipo kwa zaka zonsezi aliyense amadzala chimanga ndi mbatata pake, kukolola n'kugulitsa osafunsa mnzake, ndiye kuti linagawidwa kalekale, ndipo gawo la bambo anu ndi lanu. Afunseni pamaso pa akuluakulu kuti, nanga gawo lawolo akadzamwalira lidzapita kwa ana awo kapena kwa inu? Koma ngati abale ankasinthana chaka ndi chaka popanda malire okhazikika, musalimbikire kuti lonse ndi lanu. Limbikirani kuti nyumba ya bambo anu ipatsidwe gawo lofanana ndi nyumba za abale awo, ndipo gawolo lilozedwe pansi anthu akuona.

Madimba a kuno ali ndi vuto lina limene anzathu a kumtunda salidziwa. Madzi akasefukira, monga zinachitikira mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, mchenga ndi matope zimakwirira mizere, nthochi za m'malire zimakokoloka, ndipo madzi akamaphwa woyamba kufika ndi khasu ndi amene amaoneka mwini. Amayi amasiye ambiri madimba amawataya chonchi, osati pabwalo. Amapita kwawo kukapuma pambuyo pa maliro, kapena amabwereketsa dimba kwa alamu awo "chaka chino chokha", ndipo pobwerera amapeza wina wakololapo kawiri. Mayi anu asasiye dimba logona. Ngati alibe mphamvu, lembani aganyu, ndipo ngati mwabwereketsa, zilembedwe kwa amfumu: ndani, malo ati, kufikira liti.

Za kalemberayo musazengereze. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linakhazikitsa komiti ya malo m'dera la gulupu aliyense. Wapampando ndi agulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Satifiketi ya malo ikhoza kulembedwa dzina la munthu mmodzi kapena la anthu angapo pamodzi, choncho n'zotheka kuti palembedwe mayi anu ndi inu nonse anayi. Pitani tsopano kwa agulupu ndi kwa kalaliki wa za malo mukanene kuti malo awiriwa ali pa mkangano. Lembani kalata, sungani ina yofanana nayo yodindidwa chidindo cha amfumu. Tsiku loyendera malire mukhalepo nokha, ndipo maina akaikidwa poyera kuti anthu aone, mukawerenge ndi maso anu. Wina akakuuzani kuti "tilembe dzina la bambo aang'ono poimira banja, inu muzilimabe", kanani. Dzina limene lili pa satifiketi ndi limene lidzalankhule pa nkhani ya chipukuta misozi kapena pa magawo a sikimu yothirira, ndipo ku Chikwawa kumene ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikudutsa, nkhani imeneyi si yakutali.

Zikakanika kwa agulupu, pali bwalo la milandu ya malo la mfumu yaikulu, ndipo chigamulo chake mukhoza kukachita apilo ku bwalo la malo la boma lanu. Ngati ayamba kukolola mbewu zanu, kutenga mbuzi, kapena kuopseza mayi kuti achoke, imeneyo ndi nkhani ya ku polisi, ku ofesi ya Vikitimu Sapoti. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa gawo 84 la lamulo la 2011, ndipo munthu akhoza kukhala kundende zaka 10. Kuwakakamiza mayi kuti alowe chokolo kapena achite za kulowa kufa kuti asachotsedwe pamalopo n'kosaloledwanso, ndipo mukakanena musasiye mbali imeneyi chifukwa cha manyazi.

Pali malire amodzi amene mayi anu ayenera kuwadziwa. Gawo 17 lomwelo likuti wamasiye akakwatiwanso salandidwa chuma chimene analandira, kupatula chimene chili pa malo a makolo. Chimenecho chimachoka m'manja mwake. Ine lamulo limeneli silindisangalatsa, chifukwa limalanga mayi amene analima mundawo moyo wake wonse. Komabe onani kumene limatumiza malowo: kwa ana amene anabereka ndi malemuwo. Ndiye ngakhale mayi atadzapeza banja lina, munda ndi gawo la dimba lija zikubwera kwa inu anayi, osati kwa bambo aang'ono.