NPV mu Excel: ndi ndalama ziti zokhala kunja kwa fomula?

"Ndine msungichuma wa gulu lathu la alimi. Tikufuna kugula chigayo cha K10,000,000, ndipo tikuyembekeza kupeza K3,000,000 chaka choyamba, K4,000,000 chachiwiri, K4,000,000 chachitatu ndi K5,000,000 chachinayi. Ndinaphunzitsidwa kuti ndalama zoyamba sizilowa mu NPV, choncho K3,000,000 ija ndinaisiya kunja. Pa 25 peresenti Excel ikundipatsa phindu la K1,320,000, koma mwana wa mlongo wanga atawerengera wapeza kuti tiluza K944,000. Walakwitsa ndani?"

Bambo msungichuma, tikatenga kuti ndalama za chaka chilichonse zimafika kumapeto kwa chakacho, mphwanuyo ndiye wakhoza. Lamulo limene munaphunzitsidwa ndi loona ndithu, koma linakufikani loduka. Zokhala kunja kwa NPV, fomula yowerengera mtengo wa lero wa ndalama zodzabwera m'tsogolo, ndi ndalama zimene zikutuluka kapena kulowa lero, tsiku loyambira ntchito. Kukhala pamwamba pa mndandanda sikupangitsa ndalama kukhala za lero. Pa nkhani yanuyi ndalama za lero ndi K10,000,000 yogulira chigayo basi. K3,000,000 ija mudzaigwira patadutsa chaka, ndiye iyenera kuchotseredwa ngati zinzake.

Tiyambe ndi m'mene NPV imaonera manambala amene mwaipatsa. Iyo siiona masiku, siiwerenga mitu ya makolamu, ndipo siidziwa kuti pambali mwalemba "Chaka 1" kapena "Chaka 2". Imangowerenga malo. Nambala yoyamba imene yaipeza imaigawa ndi 1 kuphatikiza mlingo wanu kamodzi, yachiwiri kawiri, yachitatu katatu, mpaka kumapeto. Pa 25 peresenti, yoyamba imagawidwa ndi 1.25, yachiwiri ndi 1.25 kuchulukitsa 1.25, choncho basi. Ndiye kuti nambala iliyonse imene mwaiika poyamba m'kati mwa NPV, Excel imaitenga ngati yobwera pakutha pa chaka chimodzi kuchokera lero.

Tiike manambala anu motere: mlingo wa 25% mu B1, mtengo wa chigayo mu B2 wolembedwa ndi chizindikiro chochotsera (-10000000), ndipo zolowa za zaka zinayi kuyambira B3 mpaka B6. Fomula yoyenera ndi iyi:

```
=B2+NPV(B1,B3:B6)
```

Mutha kuitsimikiza ndi kakyuleta ya pafoni. K3,000,000 kugawa ndi 1.25 ndi K2,400,000. K4,000,000 ya chaka chachiwiri, itagawidwa kawiri, imatsala K2,560,000. Ya chaka chachitatu imatsala K2,048,000, ndipo K5,000,000 ya chaka chachinayi nayo imatsala K2,048,000. Zonse pamodzi ndi K9,056,000. Umu ndi m'mene K16,000,000 yodzabwera pang'onopang'ono ikulemerera pa ndalama za lero. Chotsanipo K10,000,000 ya chigayo, mupeza kuti mwaperewera ndi K944,000, nambala ya mphwanu ija.

Inu munalemba chofanana ndi ichi:

```
=B2+B3+NPV(B1,B4:B6)
```

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti vuto lake ndi la nambala imodzi yokha. Kukanakhala kuti ndi K3,000,000 yokha imene yalakwika, kusiyana kwa mayankho anu awiri kukanakhala K600,000, ndiye kuti K3,000,000 kuchotsa K2,400,000. Koma kuchokera pa kuluza K944,000 kufika pa phindu la K1,320,000 pali K2,264,000. Zinazo zachokera kuti?

Zachokera ku zaka zotsalazo. Mutangotulutsa B3, selo ya B4 ndiyo inakhala yoyamba m'kati mwa NPV, ndiye Excel inaigawa kamodzi m'malo mwa kawiri, n'kupeza K3,200,000 m'malo mwa K2,560,000. B5 inagawidwa kawiri m'malo mwa katatu, B6 katatu m'malo mwa kanayi, ndipo iliyonse mwa ziwirizi inakwera kufika K2,560,000. Zili ngati pamzere wa kuchigayo: woyamba akachoka, aliyense amasendera kutsogolo malo amodzi. Ndalama zanu zonse zinabwera msanga ndi chaka chathunthu, pamene mtengo wa chigayo unakhala pomwe unali. Zolowa zinakwana K11,320,000, ndipo mukagawa nambala imeneyi ndi K9,056,000 mupeza 1.25 ndendende.

Chimenechi ndi chizindikiro chothandiza kwambiri. Anthu awiri akasemphana pa NPV, tengani mtengo wa lero wa zolowa umene aliyense wapeza, mugawe waukulu ndi waung'ono. Mukapeza 1 kuphatikiza mlingo umene anagwiritsa ntchito, musavutike kufufuza manambala ena: wina wasuntha ndalama zonse ndi chaka chimodzi.

Nanga lamulo lija linachokera kuti? Linabwera pofuna kuletsa cholakwa china, chotsutsana ndi chanu. Munthu amasankha kolamu yonse, mtengo wogulira pamodzi ndi zolowa, n'kulemba kuti:

```
=NPV(B1,B2:B6)
```

Apa K10,000,000 ya lero imatengedwa ngati yodzalipira chaka chamawa, ndipo zina zonse zimachedwa ndi chaka chimodzi. Yankho limatuluka kuluza K755,200, yomwe ndi K944,000 itagawidwa ndi 1.25. N'zolakwika, inde, koma taonani kuti chizindikiro sichinasinthe: ntchito yoluza yakhalabe yoluza, kungoti nambala yachepa. Cholakwa chanu ine ndimachiopa kuposa ichi, chifukwa chimakweza zolowa zokha n'kusiya zotuluka, motero chimatha kusandutsa ntchito yoluza kuoneka yaphindu. Ndipo pano tikunena ndalama za gulu, zimene anthu anasonkha atagulitsa zokolola zawo.

Chimasokonezanso anthu n'chakuti mafomula a Excel sagwirizana pa nkhaniyi. IRR, yomwe imapeza mlingo wa phindu la ntchito, imafuna kuti mtengo wogulira ulowe limodzi m'kati, B2:B6, ndipo palibe vuto. XNPV, yomwe imawerengera masiku enieni, nayo imalandira zonse m'kati ndipo nambala ya tsiku loyamba siichotsera kanthu. NPV yokha ndiyo imayambira kuwerenga pa chaka choyamba. Amene anazolowera imodzi amagwa mosavuta pa inzake.

Njira imene ndimalimbikitsa aliyense wosunga ndalama za anthu ndi kusadalira fomula imodzi yobisa zonse. Mu kolamu A lembani nambala ya chaka pambali pa ndalama iliyonse: 0 mu A2, kenako 1, 2, 3, 4 kutsika mpaka A6. Mu C2 lembani fomula iyi n'kuikokera pansi mpaka C6:

```
=B2/(1+$B$1)^A2
```

Kenako phatikizani ndi `=SUM(C2:C6)`. Yankho liyenera kufanana ndi la fomula yoyenera ija mpaka pa tambala. Ubwino wake ndi woti simufunikanso kukumbukira lamulo la "kunja" ndi "m'kati". Ndalama za chaka 0 zimagawidwa ndi 1, ndiye zimakhala m'mene zilili pazokha. Ndipo polemba nambala ya chaka pambali pa K3,000,000 mumakakamizika kudzifunsa kuti kodi ndalama imeneyi tidzaigwira liti. Pamsonkhano wa gulu, kolamu imeneyi ndiyonso imene anthu angaitsatire ndi maso, mzere ndi mzere.

Pali nthawi imene fomula yanu ija ikanakhala yolondola. Tiyerekeze kuti simuyendetsa nokha chigayocho, koma mwachibwereketsa kwa munthu amene azilipira lendi ya chaka chonse kumayambiriro kwa chaka chilichonse, ndipo K3,000,000 yoyamba akukupatsani tsiku lomwe mwagula. Pamenepo ndalama ziwiri zonse, yotuluka ndi yolowa, ndi za chaka 0, zotsalazo ndi za chaka 1, 2 ndi 3, ndipo K1,320,000 ndi yankho loona. Manambala ndi omwewo, chasintha ndi masiku okha.

Tsopano ndikuyankhulireni mbali yanu, chifukwa mwina mumtima mukunena kuti chigayo sichidikira Disembala kuti chiyambe kubweretsa ndalama. Mukunena zoona. Anthu amagayitsa tsiku ndi tsiku, ndiye kutenga ndalama za chaka chonse ngati zofika tsiku lomaliza n'kuzichedwetsa mopitirira. Koma kuzitenga ngati zofika tsiku loyamba, monga fomula yanu inachitira, n'kuzifulumizitsa mopitiriranso. Owerengera ndalama amakonda kuziika pakati pa chaka, motere:

```
=B2+NPV(B1,B3:B6)*(1+B1)^0.5
```

Mu kolamu yothandizira ija, zimenezi n'chimodzimodzi ndi kulemba 0.5, 1.5, 2.5 ndi 3.5 m'malo mwa 1, 2, 3 ndi 4. Zolowa zimakwana pafupifupi K10,125,000, ndiye chigayo chikupitirira mtengo wake ndi pafupifupi K125,000 yokha. Pa ndalama zokwana K10,000,000 imeneyi ndi yochepa kwambiri. Magetsi akavuta kwa milungu ingapo, kapena mota ikapsa kamodzi, yatha. Kunena mosabisa, nambala imeneyi ndiyo ili pafupi ndi zoona kuposa ya inu kapena ya mphwanu, ndipo ikutiuza kuti pa 25 peresenti chigayochi chikungobweza ndalama zake. Musanapite ku gulu, onaninso ngati mwawerengera mtengo umene chigayo chingagulitsidwe pakutha pa zaka zinayi, kapena ndalama za zaka zotsatira ngati chidzapitirize kugwira ntchito, chifukwa m'kalata yanu sizikuoneka ndipo zingasinthe yankho.

Ngati muli ndi manambala a mwezi ndi mwezi, monga kuti miyezi yokolola imabweretsa zambiri ndipo Januwale ndi Febuluwale amachepa, XNPV ingakuthandizeni bwino. Mumaika masiku enieni mu kolamu D n'kulemba:

```
=XNPV(B1,B2:B6,D2:D6)
```

Mlingo umakhala wa pachaka, ndipo zonse zimabwezedwa ku tsiku lili mu D2. Samalani pamenepo: tsiku loyamba likhale logulira chigayo. Mukayambira pa tsiku la ndalama zolowa zoyamba, mwabwereza cholakwa chomwe chija, chifukwa ndalamazo sizichotseredwa. Musadabwenso yankho likasiyana pang'ono ndi la NPV ngakhale masiku ali otalikirana chaka chimodzi chimodzi. XNPV imawerenga chaka ngati masiku 365, ndiye chaka chokhala ndi 29 Febuluwale chimabweretsa kusiyana kochepa.

Chomaliza choti muone pa pepala lanu ndi maselo opanda kanthu, chifukwa amasuntha zaka mwanjira yomweyi popanda chenjezo. NPV imadumpha selo yopanda kanthu ngati kulibe. Tinene kuti chaka chachiwiri mukuyembekeza kuti ndalama zonse zidzathera kukonza makina, ndiye B4 mwaisiya yosalembamo. Excel idzatenga K4,000,000 ya chaka chachitatu ngati ya chachiwiri, K5,000,000 ngati ya chachitatu, n'kukupatsani K7,520,000. Mukalemba 0 mu B4, yankho loona la zolowa ndi K6,496,000, kusiyana kwa K1,024,000. Nambala imene yalowa ngati mawu nayo imadumphidwa chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri mumaizindikira poti imakhala kumanzere kwa selo pamene zinzake zili kumanja. Kolamu C ija imagwira zimenezi, chifukwa iyo imatenga chaka kuchokera mu kolamu A, ndiye `SUM` yake ikasiyana ndi yankho la fomula ya NPV ija mumadziwa kuti m'kolamu B muli selo yofunika kuikonza.