Musathamangire kalasi A, yambani mwayeza bayasi

"Abale, ampulifaya ya kutchalitchi kwathu ku Chiputula ikumakhwekhwereza ngati sipika yang'ambika tikatsitsa voliyumu, koma tikakweza imamveka bwino. Sipika tasintha, zikadali chimodzimodzi. Wina akuti tigule ya kalasi A. Magetsi akathima timayendera batire la sola. Titani?"

Achimwene, ndawerenga izi bala langa latukusika. Matenda omwewa anandidyera ampulifaya, sipika imodzi ndi ulemu wanga pamaso pa anthu ku Luwinga.

Yanga ndi ija ya mathiranzisita a 2SC5200 ndi 2SA1943, yoyendera +35V ndi -35V. Awiriwa amagawana ntchito: wina amakankha sipika, mnzake amaikoka. Koma thiranzisita siyamba kugwira ntchito mpaka italandira pafupifupi 0.6V. Ndiye pamene mawu akuchoka m'manja mwa wina kupita kwa mnzake, pakatipo pamakhala kamphindi koti onse awiri ali gone, sipika yangosiyidwa yokha. Kukhwekhwereza mukumvako ndi komweko, amisiri amati kirosiova distoshoni. Pa sipika ya 8Ω, mawu a 1W amakwera mpaka 4V basi, ndipo 0.6V pa 4V ndi chibowo chachikulu. Mukakweza kufika 50W mawu amakwera mpaka 28V, chibowo chija chikadali chomwecho koma chamira. Fidibaki ya mkati, njira imene ampulifaya imadzikonzera yokha zolakwika, imayesetsa kufufuta, koma pa mawu oonda imalephera, n'chifukwa chake zimaipa kwambiri amayi akwaya akamaimba motsitsa kapena kiyibodi ikamalira yokha.

Mankhwala ake ndi bayasi, kutanthauza kakalenti kochepa koyenda nthawi zonse kuti mathiranzisita asagoneretu. Yopanda kakalentiko ndiye kalasi B. Yokhala nako ndiye kalasi AB, ndipo ambiri a ife ndi imene tili nayo.

Ine pa nthawiyo izi sindinkazidziwa. Ndinanyamula ampulifaya kupita nayo kwa mmisiri wina mutauni, sindimutchula koma akawerenga adziwa yekha. Mawa lake anandiimbira kuti dzatengeni. Inkamveka bwino zedi, ndinamuwonjezera ya fanta pamwamba. Unali Julaye, Mzuzu akuzizira ndi kamvula kake kaja, ndipo ndinkangoiyatsa pang'ono kunyumba. Ndinaona kuti ikufunda msanga ngakhale palibe nyimbo, koma iye anati ndi mmene zimakhalira zamphamvu.

Mu Okutobala ndinapeza ntchito paukwati. Holo ya malata yopanda siling'i, anthu thothotho, dzuwa likuswa mtengo. Tinayamba cha m'ma 1 koloko. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, akuchimuna ataimirira ndi ndalama m'manja, ndinamva fungo la pulasitiki yopserera. Ndinagwira pamwamba pa ampulifaya, ndinachotsa dzanja msangamsanga. Ndisanafike pa switchi, sipika yakumanzere inangoti "buuu" kamodzi, koni yake n'kutulukira kunja osabwereranso, kautsi kakufuka kumbuyo. Kenako zii. Emusi ali ndi maikolofoni pakamwa koma palibe chikumveka. Holo yonse inacheukira kwa ine. Azakhali a mkwatibwi anabwera mpaka patebulo langa n'kundifunsa kuti, "Bambo, ndalama munalandira zija zinali za utsi?" Mwambo anaumaliza ndi kasipika ka buluthufu kobwereka kwa mnyamata wina, ndipo ndinabweza ndalama yonse.

Nditapita nayo kwa mkulu wina wachikulire amene ntchitoyi amaidziwadi, anatsegula ine ndikuona. Mathiranzisita akumanzere anali atapsa n'kulumikizana, 35V yonse inathira mu sipika. Mbali yakumanja inapulumuka, ndipo ndi imene inaulula zonse. Anaika malitimita pa rezisita yoyera ija ya 0.22Ω yomwe ili pa emita, umodzi mwa miyendo itatu ya thiranzisita. Ili yozizira inawerenga 60mV. Patatha mphindi 10, popanda nyimbo iliyonse, inali pa 110mV ikukwerabe. Gawani 110mV ndi 0.22, mupeza theka la ampu. Chulukitsani ndi 70V ija yochoka pa +35V kufika pa -35V, ndi 35W ikungosanduka moto mbali imodzi yokha ampulifaya ili chete.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Pali kathiranzisita kakang'ono koyang'anira bayasi, kamene kamayenera kumamatira pa hitisinki, chitsulo chija choziziritsa mathiranzisita, kuti kazimva kutentha kwa akuluakulu aja. Thiranzisita ikatentha digiri imodzi, 0.6V ija imatsika ndi pafupifupi 2mV, ndiye imakoka kalenti yambiri, imatenthanso, imakokanso yambiri, mpaka kudzipha yokha. Kakang'onoko ndi kamene kamabweza bayasi pansi zinthu zikayamba kutentha. Munthu uja anakamasula, n'kukasiya kali lende m'mwamba, sikulu yake osabwezera. Kenako anapotokola pulisete, kopotokola kakang'ono kokwezera ndi kutsitsira bayasi, mpaka kukhwekhwereza kutatha, n'kutseka chivundikiro. Mita sanaigwire n'komwe! Nditamufunsa anati ndine amene ndinakweza kwambiri voliyumu. Mpaka lero ndikamuona pa depoti ndimayang'ana kumbali.

Tsono amene akukuuzani za kalasi A akufuna mugule mwadala zimene zinandichitikira ine mwangozi. Zoona, ilibe chibowo chija, chifukwa thiranzisita yake siigona n'komwe. Koma imadya magetsi chimodzimodzi kaya abusa akulalikira kaya akhala pansi. Ya wamba singafikitse kusipika kuposa 25 peresenti ya magetsi amene yakoka, ndipo ngakhale ya thiransifoma kapena yokankhana awiri mathero ake ndi 50. Mukafuna 50W kusipika, wamba ija ikoka 200W kapena kuposa kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Batire lanu silingaone chopereka. Kalasi B papepala imafika 78.5 peresenti, koma pokhapokha ili pamapeto penipeni pa mphamvu yake. AB imakhala pansi pa pamenepo, ndipo mukamaimba motsitsa imatsika kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti imatentha koposa ikamatulutsa pafupifupi 40 peresenti ya mphamvu yake yonse, osati ili pamapeto, ndiye musaganize kuti voliyumu yapakati ndi yopumitsa makina.

Ine ndinalumbira kuti pulisete ya ampulifaya yanga sadzaigwiranso munthu. Komabe yanuyo iyenera kugwiridwa, palibe kuchitira mwina. Chotsani masipika, voliyumu pansi, ikani babu lakale lija la waya wofiira mkati, la 60W kapena 100W, pamzere umodzi ndi waya wolowa magetsi kuti chikalakwika liyake babu m'malo mopsa mathiranzisita. Onani kaye ngati kathiranzisita kaja kali pa hitisinki. Yezani pa rezisita ya 0.22Ω. Mukapeza 0mV kapena 1mV, nthenda mwaipeza, ndipo kawirikawiri ndi pulisete yadzimbiri kapena mtovu wosweka, poti kuno chinyontho sichisowa. Zikaoneka bwino chotsani babu, mukweze bayasi ndi pulisete pang'onopang'ono kufika pakati pa 10mV ndi 20mV ngati mulibe buku la ampulifayayo, osapitirira 26mV. Dikirani mphindi 20 muyezenso. Ikakhazikika kapena kutsika pang'ono, zili bwino. Ikamangokwera, thimitsani pompo. Ndipo mita muilumikize ndi timapanira musanayatse, chifukwa kansonga kakaterereka kamodzi basi mwagula mathiranzisita atsopano.

Kunena zoona, pa nkhani ya batire ndikanakhala inu ndikanangogula kabolodi ka kalasi D, ngati ka TPA3116D2. Kamayenda pa 12V mpaka 24V mwachindunji popanda inveta, ndipo kamafikitsa pafupifupi 90 peresenti kusipika chifukwa mathiranzisita ake amangoyaka n'kuthima mwaliwiro. Koma pa 12V ndi sipika ya 8Ω musayembekezere 50W yolembedwa pa paketi, mupeza yosakwana 10W mbali imodzi. Kuti mphamvu ikwereko, pamafunika mabatire awiri olumikiza kuti akwane 24V. Ineyo ndikadali ndi AB yanga yomwe ija, ili pa 15mV, ndipo malitimita imayenda nane m'chikwama paukwati uliwonse.